Makilomita 70 a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amene rula sawaona

Tengani mapu a dziko la Malawi, muike rula pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Ngati mapuwo ali ndi sikelo ya 1:1,000,000, kutanthauza kuti sentimita imodzi papepala ikuimira makilomita 10 pansi, mupeza masentimita pafupifupi 24. Ndiye kuti mizinda iwiriyi yatalikirana makilomita pafupifupi 240. Koma aliyense amene anakwerapo basi ya m'mawa kuchoka ku Lilongwe, n'kudutsa ku Dedza, ku Ntcheu, pa Chingeni ndi pa Zalewa, amadziwa kuti ulendowu ndi wa makilomita opitirira pang'ono 310. Pali kusiyana kwa makilomita pafupifupi 70, ndipo amenewa ndi mafuta enieni, nthawi yeniyeni, ndi ndalama zimene zimawonjezeka pa mtengo wa thumba lililonse la feteleza kapena la simenti loyenda pamsewuwo.

Ndakhala ndikufunsa anthu kuti makilomita 70 amenewa amachokera kuti. Ambiri amayankha mwachangu kuti ndi chifukwa cha zitunda: msewu umakwera n'kutsika, pomwe mapu ndi pepala lathyathyathya. Yankho limeneli limamveka bwino m'khutu, koma masamu ake sagwirizana nalo. Ndiyambira pomwepa, chifukwa munthu akamvetsa kuti zitunda sizitalikitsa msewu m'njira imene timaganizira, zina zonse zimayamba kuoneka bwino.

Chitunda pachokha chimawonjezera zochepa kwambiri

Omanga misewu amayeza kutsetsereka kwa malo m'maperesenti. Akati chitunda ndi cha 10 peresenti, akutanthauza kuti pa mamita 100 aliwonse amene mwapita patsogolo, mwakwera mamita 10. Chitunda chotere n'chachikulu ndithu, lole yodzaza katundu imachikwera ikulira, pa giya yotsika. Tsopano tiyerekeze kuti papepala malo awiri atalikirana kilomita imodzi, ndipo pakati pawo pali chitunda cha 10 peresenti kuyambira pansi mpaka pamwamba. Mwapita patsogolo mamita 1,000, mwakwera mamita 100. Kodi matayala agudubuzika mtunda wotani? Lamulo la Pythagoras lomwe timaphunzira kusekondale lija likuyankha: chulukitsani 1,000 ndi 1,000, muphatikize ndi 100 kuchulukitsa ndi 100, mupeza 1,010,000. Nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imabala 1,010,000 ndi pafupifupi 1,005. Chitunda choopsa chija chawonjezera mamita 5 okha pa kilomita yathunthu.

Chitunda cha 6 peresenti, chomwe chili pafupi ndi zimene timakumana nazo m'malo amapiri pamisewu ikuluikulu, chimawonjezera mamita osakwana 2 pa kilomita. Msewu wa ku Blantyre umakweradi ndi kutsika kwambiri. Lilongwe ali pa mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, Dedza ali cha m'ma 1,600, kenako msewu umatsikira kuchigwa cha Shire komwe n'kosakwana mamita 500, n'kukweranso kukafika ku Blantyre pa mamita opitirira 1,000. Komabe ngakhale titanena kuti ulendo wonsewo, kuyambira pa depoti mpaka pa depoti, ndi chitunda kapena chitsetso cha 6 peresenti, zimene si zoona, kukwera ndi kutsikako sikungawonjezere ngakhale kilomita imodzi pa makilomita 70 aja.

Ena amati mwina ndi chifukwa chakuti dziko ndi lobulungira. Nazonso n'zochepa kwambiri. Mutakumba ngalande yowongoka pansi pa nthaka kuchokera ku Lilongwe kukatulukira ku Blantyre, ingafupike ndi mamita pafupifupi 14 okha poyerekeza ndi mzere woyenda pamwamba pa dziko lobulungiralo. Kubulungira kwa dziko kumayamba kuwerengedwa pa maulendo a ndege opita kumayiko akutali, osati pakati pa matauni a dziko limodzi laling'ono.

Choncho pafupifupi makilomita onse 70 aja amatayika cham'mbali, msewu ukamapatuka kupita kumanzere kapena kumanja kwa komwe ukulowera. Mapiri ali ndi gawo lalikulu pa nkhaniyi, koma gawo lawo ndi lokakamiza msewu kukhota.

Tiyende pa mzere wa rula uja

Njira yabwino yomvetsera chifukwa chimene msewu sutsatira rula ndi kuyang'ana zimene zili pansi pa rulayo. Mzere wowongoka wochoka ku Lilongwe umalunjika kumwera chakum'mawa. Sudutsa pa boma la Dedza, umalisiya kum'mawa makilomita oposa 20. Ukapitirira pang'ono umatuluka m'Malawi n'kulowa m'dziko la Mozambique, m'dera la Angonia m'chigawo cha Tete, n'kudutsa kufupi ndi tauni ya Ulongwe ya kumeneko, osati Ulongwe wa ku Balaka. Umayenda mtunda wautali ndithu m'dziko la eni, kenako n'kubwerera m'Malawi cha kumapiri a Kirk Range, kudera la Tsangano. Kuchoka pamenepo umagwera kuchigwa, kuwoloka Shire, n'kukwera kupita ku Blantyre.

Chopinga choyamba ndiye chimenecho: malire. Anthu a mbali zonse ziwiri amalankhula chinenero chimodzi, amakwatirana ndipo amagula pamsika umodzi, koma boma silingamange msewu wake waukulu m'dziko la anzake, ndipo palibe angafune kudinditsa pasipoti kawiri pa ulendo wa pakati pa mizinda iwiri ya dziko lake lomwe. Msewu wa M1 umachita zimene ungathe: umakankhikira kumalire mpaka kuwakhudza. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu, cha ku Lizulu ndi ku Biriwiri, pali malo amene mukatsika basi n'kuwoloka msewu mumakhala mwaponda Mozambique.

Pali chifukwa chinanso chimene msewu umakondera pamenepo. Malire a chigawo chimenechi anatsata msana wa mtunda pomwe madzi amagawikana, ena kutsikira ku nyanja ya Malawi ndi ku Shire, ena kulowera chakumadzulo kumitsinje yothira mu Zambezi. Womanga msewu amaukonda msana wotere chifukwa mitsinje imayambira pamenepo ili ting'onoting'ono. Sipafunika milatho ikuluikulu, makalavati amakwanira, ndipo madzi a mvula amachoka okha pamsewu. Mukatsika pang'ono kumbali kwa msanawo, mitsinje yomweyo yakumba kale zigwembe zakuya, ndipo msewu wowongoka ungafune mlatho pa chigwembe chilichonse. Koma msana wa mtunda suwongoka. Umapita uku ndi uku monga mmene mitsinje inaudyera kwa zaka zosawerengeka, ndipo msewu woutsatira umatengera kukhota komweko.

Chopinga chachiwiri ndi kutsika kuchoka pamwamba kupita kuchigwa cha Shire. Mzere wa rula umangogwa kuchokera pa Kirk Range, mamita 1,000 kapena kuposa, mosaganizira mabuleki a munthu. Msewu sungatero. Umapitirira mpaka ku Ntcheu, n'kupatukira kum'mawa cha ku Chingeni kufupi ndi Balaka, kutsika pang'onopang'ono, kenako n'kutembenukira kumwera m'chigwa.

Apa ndi pamene mapiri amatalikitsadi msewu, ndipo chitsanzo choonekeratu chili kumpoto, pa msewu wakale wa Gorodi wochoka ku Chitimba m'mbali mwa nyanja kukwera ku Livingstonia, pa phiri la Khondowe pomwe Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1894. Mukaima ku Chitimba phirilo mumaliona pamwamba panu pomwepo. Koma msewu wake ndi wa makilomita pafupifupi 15, uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20 obwerera m'mbuyo ngati chigongono, ndipo umakwera mamita oposa 700. Masamu ake ndi awa. Tinene kuti mukufuna kukwera mamita 750, ndipo khoma la phiri likukwera mamita onsewo pa mtunda wa makilomita 3 okha. Kumeneko ndi kutsetsereka kwa 25 peresenti, komwe galimoto yonyamula katundu singakwere, ndipo ikamatsika mabuleki amapsa. Ngati mukufuna kuti chitundacho chisapitirire 5 peresenti, pa mita iliyonse yokwera pakufunika mamita 20 oyenda. Mamita 750 kuchulukitsa ndi 20 ndi mamita 15,000, amene ndi makilomita 15. Womanga msewu alibe kwina kopeza makilomita amenewa koma kuupinda msewu uku ndi uku pakhoma la phirilo, monga mmene timapindira chingwe chachitali kuti chikwane m'thumba. Kutalikako ndi kwadala. Ndi mtengo umene timalipira kuti chitunda chikwereke. Makona a ku Chiweta, a Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, ndi a potsikira ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre, onse anabadwa pa chifukwa chomwechi.

Ng'ombe ndi anthu osenza katundu pamutu anazidziwa izi kale omanga misewu asanabwere. Yang'anani njira ya kumunda yokwera phiri lililonse kwanuko, simudzaipeza italunjika pamwamba. Imadula phiri chopingasa.

Chopinga chachitatu ndi Shire. Mtsinje waukulu suwolokedwa paliponse. Mlatho umafuna malo amene mtsinje wapanikizika, magombe ake ndi olimba, makamaka pathanthwe, ndiponso pomwe madzi sasefukira kutali m'nyengo ya dzinja. Kilomita imodzi ya mlatho imadya ndalama zomangira makilomita ambirimbiri a msewu wa phula, choncho n'kwanzeru kuukokera msewu kumene mlatho ungakhale waufupi ndi wokhazikika kusiyana ndi kuumiriza mlatho pomwe rula wadutsa. N'chifukwa chake Shire yense, kuchokera ku Mangochi mpaka ku Nsanje, ali ndi malo owerengeka owolokera galimoto, monga pa Mangochi, pa Liwonde, pa Zalewa ndi pa Chikwawa, ndipo misewu yonse ya m'chigawo chakumwera imakokedwa kupita ku malo amenewa ngati nyerere ku shuga. Mlatho wa pa Zalewa uli kufupi ndithu ndi mzere wa rula, ndipo n'chifukwa chake njira imeneyi ndi yachidule. Wosankha kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba amayenda makilomita oposa 350 pakati pa mizinda iwiri yomweyi.

Kupatuka kwakukulu ndi tizikhotakhota

Pali chinthu chimene chinandidabwitsa nditachiwerengera koyamba, ndipo ndikuona kuti ndicho phata la nkhani yonseyi. Munthu akayang'ana mapu, diso limathamangira ku kupatuka kwakukulu kuja: msewu wathawa Mozambique, wapita kum'mawa mpaka ku Chingeni, kenako wabwerera. Timaganiza kuti makilomita 70 atayika pamenepo. Tiyeni tiwerenge.

Pa Chingeni ndi pamene msewu watalikirana kwambiri ndi mzere wa rula, makilomita pafupifupi 35, ndipo malowa ali chapakati pa ulendo. Tiyerekeze kuti msewu ukanawongoka kuchoka ku Lilongwe mpaka pamalo otere, n'kuwongokanso mpaka ku Blantyre. Theka la 240 ndi 120. Chulukitsani 120 ndi 120, mupeza 14,400. Chulukitsani 35 ndi 35, mupeza 1,225. Kuphatikiza ndi 15,625, ndipo nambala yobala 15,625 ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe ndi 125. Mbali iliyonse ndi makilomita 125, ziwiri ndi 250. Kupatuka kwa makilomita 35 athunthu kwawonjezera makilomita 10 okha.

Ngakhale mutaika rula kachigawo kachigawo, kuchoka ku Lilongwe kupita ku Dedza, ku Ntcheu, pa Chingeni, pa Zalewa mpaka ku Blantyre, n'kuphatikiza mizere yowongoka isanuyo, mupeza makilomita pafupifupi 260. Ndiye kuti kulambalala malire, kuyendera maboma a m'njira ndi kufunafuna mlatho, zonse pamodzi zadya makilomita pafupifupi 20. Otsalawo, pafupifupi 50, atayika m'tizikhotakhota timene pa mapu a dziko lonse sitioneka bwino n'komwe. Pakati pa Lilongwe ndi Dedza pokha, rula amapereka makilomita pafupifupi 75 pomwe msewu ndi wa pafupifupi 85.

Chifukwa chake n'chakuti chimene chimatalikitsa ulendo ndi kukula kwa ngodya imene mwapatuka nayo, osati kutalika kwa komwe mwafika cham'mbali. Mukamayenda mutapatuka madigiri 10 kuchoka komwe mukulowera, pa makilomita 100 a rula mumangotaya kilomita imodzi ndi theka. Mukapatuka madigiri 20 mumataya makilomita 6. Pa madigiri 30 mumataya 15, ndipo pa madigiri 45 mumataya 41. Onani mmene nambalazi zikuthamangira: ngodya ikakula kawiri, kutayako kumakula kanayi kapena kuposa. Kupatuka kopita ku Chingeni kuja ndi kwa madigiri pafupifupi 16 okha, chifukwa kwatambasuka pa makilomita 120. Koma msewu ukamazungulira kaphiri, umapatuka madigiri 40 kumanzere, kenako 40 kumanja kuti ubwerere. Mwina sunachoke pa mzere wake ngakhale ndi mamita 300, koma pa kachigawo kameneko wawonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Zikachitika kambirimbiri pa ulendo wonse, makilomita 50 aja akwana.

Nanga n'chiyani chimapangitsa tizikhotakhota timeneti pamalo amene si amapiri? Choyamba ndi madambo. Dothi lakuda la m'dambo limafufuma likanyowa n'kung'aluka likauma, ndipo phula loikidwa pamwamba pake silichedwa kusweka. Kuti msewu udutse pakati pa dambo pamafunika kuchotsa dothilo, kuthira lina lochokera kutali ndi kukweza msewu, choncho nthawi zambiri n'kotchipa kulizungulira chakumtunda kwake. Chachiwiri ndi mitsinje ing'onoing'ono: mlatho umafupika ukadula mtsinje mopingasa ndendende, ndiye msewu umakhota usanafike pamlatho kuti ulunjike bwino, n'kukhotanso ukawoloka. Mukadzakhala pa ulendo mudzaone kuchuluka kwa milatho imene ili ndi kona kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Chachitatu ndi matanthwe ndi timapiri, zimene kuziphwanya ndi mabomba n'kodula kuposa kuzilambalala. Chachinayi ndi anthu: nyumba, masukulu, minda ya eni ndi manda. Chilichonse chogwetsedwa chimafuna chipepeso, ndipo manda sasunthidwa mwachisawawa.

Palinso mbiri. Misewu yathu yambiri sinajambulidwe pa pepala loyera. Inayamba ngati njira za miyendo zolumikiza midzi, zitsime ndi madooko, kenako inalambulidwa ndi makasu kuti ngolo ndi galimoto zoyamba zidutse, m'nthawi imene kunalibe makina odula phiri. Pofika nthawi yothira phula, m'mbali mwa njirayo munali mutamera kale misika, matchalitchi ndi magolosale. Mainjiniya amawongola makona oopsa kwambiri, koma msewu wonse sangauchotse pa anthu amene anausamukira.

Ndipo apa ndikufuna kunena maganizo anga momveka. Anthu ena akamva za makilomita 70 amenewa amaona ngati ndi kulephera kwa omanga misewu. Ine sindikuona choncho. Msewu wa M1 si wa anthu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre okha. Mayi wogulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi pa Lizulu, wodwala wopita kuchipatala cha boma ku Ntcheu, mlimi wotumiza tomato kutauni, onsewa msewu womwewo ndi wawo. Malawi ali ndi maboma 28. Titafuna kuti boma lililonse likhale ndi msewu wowongoka wopita ku boma lina lililonse, pangafunike misewu 378, chifukwa 28 kuchulukitsa ndi 27 n'kugawa pawiri ndi 378. Palibe dziko lingakwanitse zimenezo. Chimene chimachitika n'chakuti timamanga msewu umodzi waukulu wonga thunthu la mtengo, ena n'kumaphukira pa iwo ngati nthambi, ndipo aliyense amalolera kuzungulira pang'ono kuti agwiritse ntchito thunthu limodzilo. Wochokera ku Mwanza kupita ku Lilongwe amayamba walowera kum'mawa mpaka pa Zalewa asanatembenukire kumpoto, chifukwa ndi pomwe nthambi yake imakumana ndi thunthu.

Mukamayeza nokha

Kusukulu timaphunzitsidwa kuyeza msewu pa mapu ndi ulusi: kuugoneka motsatira makona onse, kuika chizindikiro pothera, kuuwongola pa rula, n'kuchulukitsa ndi sikelo. Njirayi ndi yabwino, koma ili ndi vuto limene ambiri salidziwa, ndipo yankho lake nthawi zonse limakhala lochepa kuposa mtunda weniweni. Pa mapu a 1:1,000,000, milimita imodzi ikuimira kilomita yathunthu. Kona imene yatuluka mamita 200 cham'mbali ingakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita, kuchepa kuposa kunenepa kwa mzere wofiira woimira msewuwo. Wojambula mapu sangaionetse, amangoisalaza. Ulusi wanu ukutsatira msewu wosalazidwa kale, ndipo tizikhotakhota tija, tomwe taona kuti ndito timadya makilomita ambiri, tasowa. Msewu wa Gorodi pa mapu otere umaoneka ngati kamzere kakafupi kopindika kawiri kapena katatu.

Pa mapu a 1:50,000, onga amene ofesi ya boma yoona zoyeza malo imasindikiza, masentimita 2 ndi kilomita imodzi, ndipo kona ya mamita 200 ija ndi mamilimita 4, yooneka bwinobwino. Mukayeza msewu womwewo pa mapu awiriwa mupeza mayankho awiri osiyana, ndipo lolondola kwambiri ndi la pa mapu a 1:50,000. Chizindikiro chakuti mapu anu asalaza kwambiri ndi ichi: ngati dera lili ndi mizere yosonyeza kukwera kwa malo yothithikana, koma msewu wodutsa pamenepo wajambulidwa wowongoka bwino, musaukhulupirire. Chinanso choti musamale ndi mapu ojambulidwa pa makina a fotokope kapena okulitsidwa pa kompyuta. Pepala likakula kapena kuchepa, sikelo yolembedwa m'manambala ija imakhala yabodza, koma kamzere ka sikelo kojambulidwa m'munsi kamakula limodzi ndi mapuwo, choncho yezerani pa iko.

Pa foni, pulogalamu ya Google Maps imapereka mitunda yonse iwiri, ndipo anthu amaisokoneza. Mukasankha `Measure distance` n'kuika madontho awiri, mukupeza mzere wa rula. Mukapempha `Directions`, mukupeza mtunda wa pamsewu. Kusiyana kwina kumabwera chifukwa cha poyambira ndi pothera. Mzinda si kadontho. Kuyambira ku Kanengo si chimodzimodzi ndi kuyambira ku depoti ya mabasi, ndipo kutsikira pa Wenela n'kosiyana ndi kutsikira ku Limbe ndi makilomita angapo. N'chifukwa chake chikwangwani cha pamsewu, foni ndi mita ya galimoto zimatha kusiyana pang'ono popanda cholakwika chilichonse. Mita ya galimoto nayo imawerenga kuzungulira kwa matayala, ndiye mukaika matayala aakulu kuposa oyenera galimotoyo imawerenga makilomita ochepa, mukaika aang'ono imawerenga ambiri.

Okonza mapulani a za mtengatenga ali ndi nambala imodzi imene amafotokozera zonsezi: amagawa mtunda wa pamsewu ndi mtunda wa rula. Pa Lilongwe ndi Blantyre, 310 kugawa ndi 240 ndi pafupifupi 1.3. Kumadera kopanda chopinga chachikulu nambalayi imakonda kukhala pakati pa 1.2 ndi 1.4, ndipo singatsike pansi pa 1, chifukwa palibe njira yaifupi kuposa mzere wowongoka. Nambalayi ndi yothandiza pokonzekera ulendo. Ngati rula wakupatsani makilomita 100 ndipo pakati palibe nyanja, mtsinje waukulu kapena khoma la phiri, werengerani makilomita 130. Ngati galimoto yanu imayenda makilomita 10 pa lita, mukufunika malita 13 osati 10, ndipo pa ulendo wa ku Blantyre mukufunika malita 31 osati 24. Amene amawerengera mafuta a ambulansi, a lole ya chimanga kapena a njinga yamoto ya mlangizi pogwiritsa ntchito rula, amaperewera pafupifupi lita imodzi pa malita anayi aliwonse ofunika.

Koma 1.3 ameneyu ali ndi malire ake, ndipo musanamugwiritse ntchito yang'anani kaye chimene chagona pakati pa malo awiriwo. Monkey Bay ndi Makanjira onse ali m'boma la Mangochi, ndipo pa rula sanatalikirane makilomita 50. Mutachulukitsa ndi 1.3 munganene kuti ndi ulendo wa makilomita 60 kapena 65. Koma pakati pawo pali nyanja. Wa galimoto ayenera kutsika chakumwera mpaka pa boma la Mangochi, kuwoloka Shire pa mlatho wa pamenepo, n'kutembenuka kukwera chakumpoto m'mbali mwa gombe la kum'mawa kudzera ku Malindi. Ulendowo umaposa makilomita 150, kuchulukitsa katatu mtunda wa rula kapena kuposerapo, ndipo pa chigawo choyamba cha ulendo, mpaka pa boma la Mangochi, munthu amakhala akutalikira komwe akupita. Wa boti yekha ndi amene amayenda pafupi ndi mzere wa rula, ngati mwera walola.